Lipoti la odwala awiri a nyumba imodzi: fuluwenza, mankhwala a oselitamivi ndi kuwerenga maola

Lipoti ili likunena za bambo wa zaka 68 ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 31, amene ndinawaona tsiku limodzi m'mwezi wa Juni pa kiliniki imene ndimagwirapo ntchito kuno ku Harare. Onse awiri anali ndi fuluwenza ya mtundu wa A ndipo onse analandira mankhwala amodzimodzi otchedwa oselitamivi, koma wina anayamba kumwa patapita maola 21 chiyambireni kudwala pamene winayo anayamba patapita maola oposa 110. Mayina awo sindiwatchula.

Mbiri ya matenda

Banjali limakhala ku Mufakose, dera lina la mu Harare muno. Bambowo anabadwira konkuno kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo atadziwa kuti ndimayankhula Chichewa anasiya Chishona n'kuyamba kufotokoza momasuka, zimene zinandithandiza kwambiri pofufuza nthawi yeniyeni imene matenda anayamba. Akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zoposa khumi ndipo amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku.

Woyamba kudwala m'nyumbamo anali mdzukulu wawo wa kupulayimale, amene anabwera kuchokera kusukulu Lachitatu thupi likutentha ndipo anachira yekha m'masiku ochepa. Bambowo anayamba kudwala Lachisanu. Nditawafunsa nthawi, sanachedwe kuyankha. Anati: "Adokotala, nsima ya masana ndinadya bwinobwino, koma pofika 3 koloko ndinali ndikunjenjemera ngati ndagwera m'madzi." Kuyamba kwadzidzidzi kotereku ndi khalidwe la fuluwenza. Chimfine wamba chimabwera pang'onopang'ono, kuyambira ndi mamina ndi kuyetsemula, moti munthu sangathe kunena ola limene chinayamba, pamene wodwala fuluwenza nthawi zambiri amakumbukira chimene ankachita pamene litsipa, kuphwanya thupi ndi kutentha zinamugwira. Vuto lathu ndi lakuti zonsezi timazitchula ndi dzina limodzi lakuti chimfine, ndipo chifukwa cha dzinali anthu amadikira.

Bambowo anadikiradi. Anamwa panado, madzi a mandimu ndi jinja, ndiponso anapuma nthunzi ya masamba a chitsamba chotchedwa zumbani atadzifunditsa bulangete, monga ambiri amachitira kuno nyengo yozizira. Lolemba anamva bwinoko mpaka anatuluka kukaothera dzuwa. Lachiwiri usiku kutentha kunabwereranso, chifuwa chinayamba kutulutsa makhololo ofiirira, ndipo pokoka mpweya ankamva kubaya m'nthiti za kumanja. Anafika kwa ine Lachitatu cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndiye kuti maola 114 kuchokera Lachisanu lija.

Amene anawaperekeza anali mwana wawo wamkazi, woyembekezera wa masabata 28. Iye sanabwere ngati wodwala, koma ndinaona kuti wavala majuzi awiri ndipo akutsamira khoma. Nditafunsa kuti, "Nanga inu mayi, mukupeza bwanji?" anayankha kuti mutu ndi msana zinayamba kumupweteka dzulo lake cha m'ma 2 koloko masana, ndipo ankaganiza kuti ndi kutopa chifukwa chodwazika bambo ake.

Zimene ndinapeza powapima

Bambowo thupi linali pa madigiri 38.9, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, akupuma ka 28 pa mphindi, ndipo okosijeni m'magazi anali pa maperesenti 89. Shuga anali atakwera kufika pa 19, pamene iwo amati kunyumba amakhala pakati pa 7 ndi 9. M'munsi mwa papo la kumanja munkamveka kuthetheka, ndipo chithunzi cha ekisire chinaonetsa kuti mbali imeneyo yadzaza, zimene zinatsimikiza chibayo. Mwana wawoyo anali pa madigiri 38.6, okosijeni pa maperesenti 97, mapapo oyera, ndipo mtima wa mwana wa m'mimba unkagunda bwino. Onse awiri ndinawapima malungo ndi Kovidi ndipo sanapezeke nazo. Mu Harare malungo si ofala, koma mabanja athu amayendayenda pa msewu wa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, choncho funso la ulendo ndi kupima malungo sindizidumpha.

Kachipangizo kopimira fuluwenza mwachangu, kogwiritsa ntchito zotengedwa m'mphuno, kanaonetsa fuluwenza A mwa mwana wamkaziyo koma sikanaonetse kanthu mwa bambowo. Zimenezi sizinandidabwitse, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chimapangitsa kuti mankhwala azithandiza kwambiri m'masiku awiri oyambirira: pofika tsiku lachisanu mavayirasi a m'mphuno amakhala atachepa kwambiri, moti kachipangizoka kamalephera kuwaona. Ngakhale pa tsiku loyenera, kachipangizo kotere kamaphonya odwala ambiri ndithu. Zotengedwa m'mphuno mwa bambowo tinazitumiza ku labotale kumene amafufuza chibadwa cha vayirasi, ndipo yankho linabwera patapita masiku awiri kuti analidi ndi fuluwenza A. Sindinadikire yankholo kuti ndiyambe mankhwala.

Mmene mankhwalawa amagwirira ntchito

Vayirasi ya fuluwenza singathe kuberekana payokha. Imayenera kulowa mu selo la m'mphuno, la pakhosi kapena la m'njira za mpweya, n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo kupanga mavayirasi ena. Pa khungu lake pali mapuloteni awiri ofunika. Yoyamba ndi hemagulutinini, imene imamata pa tinthu tina ta pamwamba pa maselo athu totchedwa asidi wa sayaliki, ndipo kumata kumeneku ndi kumene kumalola vayirasi kulowa. Yachiwiri ndi nyuraminidezi. Zilembo H ndi N za m'mayina ngati H1N1 ndi H3N2 zimaimira mapuloteni awiri amenewa.

Pakapita maola pafupifupi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu vayirasi italowa, selo limayamba kutulutsa mavayirasi atsopano ambirimbiri. Koma pamenepa vayirasi imakumana ndi vuto lodzipangira yokha. Mavayirasi atsopanowo nawonso ali ndi hemagulutinini, ndipo selo limene akutulukamo lili ndi asidi wa sayaliki uja, choncho akangotuluka amamatirira pomwepo ngati mbalame pa ulimbo, ndiponso amamatana okhaokha. Ntchito ya nyuraminidezi ndi kudula asidi wa sayalikiyo kuti mavayirasi amasuke n'kupita ku maselo ena. Imawathandizanso kudutsa m'mamina ndi m'makhololo, mmene mulinso asidi yemweyo.

Oselitamivi, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda lakuti Tamifulu ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1999, anapangidwa mofanana ndi asidi wa sayaliki. Munthu akameza kapisozi, chiwindi chimasandutsa mankhwalawo kukhala mtundu wake wogwira ntchito, ndipo mtundu umenewu umakalowa m'kabowo ka nyuraminidezi kamene asidi wa sayaliki amayenera kulowamo, n'kukhala momwemo. Nyuraminidezi yotsekedwa chonchi singadule kanthu. Mavayirasi atsopano amatsalira pa ulimbo uja, ndipo chitetezo cha m'thupi chimawapeza ali pomwepo.

Pamenepa pali mfundo imene ndimaibwereza kwa wodwala aliyense, chifukwa ambiri amaganiza kuti mankhwalawa ali ngati maantibayotiki amene amapha mabakiteriya. Oselitamivi sapha vayirasi ngakhale imodzi, saletsa vayirasi kulowa mu selo limene yafika kale, ndipo sabwezeretsa selo limene lawonongeka. Chimene amachita ndi chimodzi chokha, kuletsa mavayirasi kuchoka pa selo lodwala kupita ku selo labwino. Choncho phindu lake limadalira kuchuluka kwa maselo abwino amene akadali pangozi pa nthawi imene munthu wameza kapisozi woyamba.

Chifukwa chake cha masiku awiri

Munthu akatenga vayirasi, pamapita tsiku limodzi mpaka anayi, kawirikawiri awiri, asanamve chilichonse. M'masiku amenewo vayirasi imakhala ikuberekana kale, ulendo uliwonse wa maola ochepa aja ukuchulukitsa chiwerengero chake kambirimbiri. Pamene kunjenjemera kukuyamba, monga kunayambira kwa bambo aja 3 koloko ya Lachisanu, mavayirasi amakhala atatsala pang'ono kufika pachimake. Mwa munthu wamkulu amene chitetezo chake chili bwino, chiwerengero chimakwera kwambiri m'tsiku loyamba ndi lachiwiri la kudwala, kenako chimatsika chokha chifukwa thupi layamba kulimbana nawo ndiponso maselo osavuta kulowamo achepa, ndipo pofika masiku asanu mpaka asanu ndi awiri chimakhala chitatsala pang'ono kutha.

Ndiye mankhwala akalowa m'tsiku loyamba, amadula maulendo angapo a kuberekana amene akanachitika, ndipo maselo ambiri amapulumuka. Akalowa tsiku lachinayi kapena lachisanu, amapeza kufalikira kwachitika kale. Zimene wodwala akumva pa nthawi imeneyo, monga chifuwa, kufooka ndi kupweteka pakhosi, zambiri sizikuchokera ku mavayirasi atsopano koma ku mabala a m'njira za mpweya ndi ku kutupa kumene chitetezo cha m'thupi chayambitsa. Pa zimenezi oselitamivi alibe mphamvu iliyonse. Nditawafotokozera zimenezi ali pa bedi, bambowo anangoti, "Ndiye kuti madzi anatayika kale, saoleka." Ndinawayankha kuti ena anatayikadi, koma si onse, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza m'munsimu.

Nambala ya maola 48 siyenera kumvedwa ngati khoma. Kafukufuku amene anapangitsa kuti mankhwalawa avomerezedwe ankalemba anthu amene anali asanapitirire tsiku ndi theka kapena masiku awiri akudwala, ndiye umboni wamphamvu uli m'kati mwa nthawi imeneyo. Koma phindu silikhala lofanana m'maola onse 48 n'kutha mwadzidzidzi pa ola la 49. Limachepa pang'onopang'ono kuyambira pa ola loyamba, moti woyamba pa maola 12 amapindula kuposa woyamba pa maola 40, ngakhale onse ali m'kati mwa masiku awiri. Ndiponso maola amawerengedwa kuyambira pa chizindikiro choyamba, osati pa tsiku limene matenda anakula kapena limene munthu anafika kuchipatala. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri m'mabuku a odwala ndi kulemba kuti "wadwala masiku awiri" pamene wodwalayo akutanthauza masiku awiri ali chigonere, kuiwala tsiku limene anapita ku ntchito akudzikakamiza.

Kukula kwa phindulo nakonso kuyenera kunenedwa moona. Mwa munthu wamkulu wopanda matenda ena, oselitamivi woyambidwa m'nthawi yake amafupikitsa kudwala ndi pafupifupi tsiku limodzi, nthawi zina osakwana n'komwe, pa matenda amene amatenga sabata. N'chifukwa chake akatswiri amasiyana maganizo pa kupereka mankhwalawa kwa aliyense, ndipo ine sindimulembera mnyamata wathanzi amene wabwera tsiku lachitatu akuyamba kale kupeza bwino, makamaka poti mabanja ambiri kuno amagula mankhwalawa ndi ndalama za m'thumba. Amene ndimawathamangira ndi okalamba, amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, ana aang'ono, odwala shuga, mtima, impso kapena mphumu, ndi amene chitetezo chawo chatsika.

Chithandizo cha mwana wamkazi

Anameza kapisozi woyamba wa mamiligiramu 75 pa 11 koloko, tili pomwepo, patapita maola 21 chiyambireni kudwala. Mlingo wake ndi kapisozi mmodzi m'mawa ndi wina madzulo kwa masiku asanu. Mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi yomalizira, ali pangozi yaikulu ya chibayo chifukwa chitetezo chimasintha ndipo mimba imapanikiza mapapo, komanso kutentha thupi kwambiri sikuchitira ubwino mwana. Ndinamupatsanso panado wotsitsa kutentha.

Pali mankhwala ena a fuluwenza, koma sanali oyenera pano. Zanamivi amatseka nyuraminidezi yemweyo koma amachita kupumidwa ngati ufa, ndipo amatha kufinya njira za mpweya mwa odwala mphumu. Balokisavi, amene anabwera mu 2018, amagwira ntchito m'kati mwa selo poletsa vayirasi kuyamba kukopera chibadwa chake ndipo amamwedwa kamodzi kokha, koma alibe mbiri yaitali mwa amayi oyembekezera ngati imene oselitamivi ali nayo. Amantadini wakale uja anasiyidwa chifukwa mavayirasi a fuluwenza A amene akufalikira masiku ano samumvanso, ndipo pa fuluwenza B sanagwirepo ntchito chiyambire.

Kapisozi wachiwiri anamumwa usiku asanadye ndipo anasanza. Mseru ndi kusanza ndiwo mavuto ofala a mankhwalawa, amabwera m'masiku awiri oyambirira, ndipo amachepa munthu akamwa atadya. Nditamuuza pa foni kuti azimwa pambuyo pa phala kapena nsima, sanasanzenso. Kutentha kunatha Lachisanu m'mawa. Loweruka anafunsa ngati angasiye kuti makapisozi otsalawo awasungire mayi ake, ndipo ndinakana, chifukwa mankhwalawa amangogwira mavayirasi pa ulimbo pamene thupi likumaliza ntchito, ndipo kusiya mankhwala msanga ndi kumasula mavayirasiwo ntchitoyo isanathe. Chifuwa chouma chinapitirira kwa masabata awiri, zimene si zachilendo.

Chithandizo cha bambo

Bambowo anagonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo. Anaikidwa pa okosijeni, anayamba insulini, ndipo analandira maantibayotiki a m'mitsempha otchedwa sefitiriyakisoni. Kutentha kumene kumatsika kenako n'kubwerera ndi makhololo ofiirira ndi chizindikiro chakuti mabakiteriya alowerera. M'njira za mpweya muli tiubweya ting'onoting'ono timene timasesa fumbi ndi mabakiteriya kuwakankhira kukhosi, ndipo maselo okhala ndi tiubweyati ndi amene fuluwenza imawononga. Akasupuka, mabakiteriya amene amakhala m'mphuno mwathu osavulaza amatsika mpaka m'mapapo. Kwa bambowa mankhwala opulumutsa moyo pa tsiku lachisanu anali okosijeni ndi maantibayotiki.

Komabe ndinawayambitsanso oselitamivi, ngakhale maola 48 anali atapita kawiri ndi kupitirira. Kufotokoza kwanga kwa mmene chiwerengero cha mavayirasi chimatsikira kunali kwa munthu wathanzi. Mwa wokalamba, wodwala shuga kapena wa chitetezo chotsika, ndiponso mwa aliyense amene matenda atsikira m'mapapo, vayirasi imapitiriza kuberekana kwa masiku ambiri, ndipo imatha kukhala m'mapapo pamene m'mphuno yachepa. Choncho pamakhalabe maselo oti apulumutsidwe. Malangizo a zachipatala amati wodwala fuluwenza amene wagonekedwa kapena amene matenda ake akukula apatsidwe mankhwalawa ngakhale masiku awiri atapitirira. Umboni wake suli wamphamvu ngati wa masiku oyambirira, popeza wambiri unachokera pa kutsatira odwala a m'zipatala osati pa kafukufuku woyerekeza magulu, koma kuopsa kwa mankhwalawa ndi kochepa poyerekeza ndi kuopsa kwa matendawo.

Pa mlingo ndinalakwitsa, ndipo ndiyenera kulemba. Ndinalemba mamiligiramu 75 kawiri pa tsiku ndisanaone zotsatira za impso. Oselitamivi amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo impso zikafooka amaunjikana m'magazi. Zotsatira zinabwera madzulo: kiriyatinini, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera impso zikafooka, anali pa 130. Nambala imeneyi payokha imaoneka yokwera pang'ono chabe, koma mwa munthu wa zaka 68 wolemera makilogalamu 62 imanena zambiri. Kuwerengera kwake kwa mwamuna ndi uku:

(140 − 68) × 62 × 1.23 ÷ 130 = 42

Ndiye kuti impso zinkasefa mamililita 42 pa mphindi. Kwa amene ali pakati pa 30 ndi 60, mlingo woyenera ndi mamiligiramu 30 kawiri pa tsiku. Anali atamwa kapisozi mmodzi yekha wa 75, ndipo sanavulale nazo, koma kuyambira usiku umenewo tinatsitsa. Poti makapisozi a 30 panalibe, wa ku famase ankatsegula kapisozi wa 75 n'kusungunula ufawo m'mamililita 12.5 a madzi, zimene zimapereka mamiligiramu 6 pa mililita iliyonse, kenako n'kutapa mamililita 5 ndi sirinji. Madziwo ndi owawa kwambiri, moti bambowo ankawadandaula kuposa majakisoni.

Zotsatira

Bambowo anachotsedwa pa okosijeni tsiku lachisanu ali m'chipatala ndipo anatuluka tsiku lachisanu ndi chitatu. Kufooka kunawatenga pafupifupi mwezi wathunthu.

Kuyerekeza odwala awiriwa kuli ndi malire ake. Mwana wamkaziyo ndi wocheperapo kwa bambo ake ndi zaka 37 ndipo alibe shuga, choncho mwina akanachira bwino ngakhale popanda mankhwala, ndipo sindinganene motsimikiza kuti bambowo akanapewa chibayo akanabwera Loweruka m'mawa. Chimene ndingatsimikize ndi chakuti Loweruka limenelo kunali maselo ambiri oti mankhwala awateteze kuposa Lachitatu, ndiponso kuti munthu wa msinkhu wawo ndi matenda awo anali woyenera kulandira mankhwalawo tsiku loyamba lomwelo, popanda kudikira kuti aone ngati matendawo akula.

Panatsala mayi a m'nyumbamo, a zaka 64, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Oselitamivi amatha kuperekedwa ngati choteteza, kapisozi mmodzi pa tsiku, kwa munthu wapangozi amene wakhala pafupi ndi wodwala, koma amayenera kuyambidwa m'kati mwa masiku awiri chikhalireni pafupi ndi wodwalayo, ndipo iwo anali atakhala m'nyumba ya odwala kwa sabata yathunthu. Tinagwirizana kuti tisawapatse, koma akangomva kunjenjemera kapena litsipa abwere tsiku lomwelo, ndipo alembe ola limene zayamba pa kalendala wa pakhoma. Sanadwale.

Pa kuonana kwa patapita masabata asanu ndi limodzi, mapapo a bambowo anali oyera pa chithunzi, kiriyatinini anali atatsika kufika pa 104, ndipo anabwerera pa mapiritsi awo a shuga. Ndinawalembera iwo ndi mayi katemera wa fuluwenza woti akabayitse mu Epulo, nyengo yozizira isanayambe. Mwana wawo wamkazi anabereka mu Seputembala, pa masabata 39, popanda vuto.